Chisomo wakana: mmene ndimamangira nthabwala ya ukwati wosokonekera

Nkhani zambiri zoseketsa za ukwati zimene timalemba ife ophunzira zimangokhala mndandanda wa ngozi. Keke yagwa, magetsi azima, galimoto ya mkwati yaphulika tayala, woyendetsa mwambo waledzera. Wolembayo amaganiza kuti akaunjika matsoka asanu ndiye kuti owerenga aseka kasanu. Koma pitani nayo nkhani yotereyi ku hositelo mukawawerengere anzanu mokweza: amamwetulira pa tsoka loyamba, pa lachiwiri amayang'ana pafoni, pa lachitatu wina amakumbukira kuti anasiya madzi pa mbaula. Maganizo anga ndi akuti ukwati wa m'nkhani umafunika vuto limodzi lokha, ndipo likhale la munthu wanzeru zake amene wamva molakwika n'kuyamba kukonza zinthu ndi mtima wonse. Ndifotokoza pogwiritsa ntchito nkhani imene ndakhala ndikulemba, yochitikira kwathu ku Monkey Bay. Anthu onse a m'nkhaniyi ndi opeka, koma malo ndi ntchito zake n'zenizeni.

Mkwatibwi ndi Chisomo, mwana wa m'tauni ya Monkey Bay. Mkwati ndi Yamikani wa ku Mvunguti, umodzi mwa midzi ya asodzi imene ili mkati mwa Lake Malawi National Park, kumene anthu amadalira boti kapena kanjira ka m'phiri kuti afike kutauni. Ukwati ukudalitsidwa Loweruka 9 koloko m'mawa. Yamikani wagona kutauni pamodzi ndi ankhoswe ake, amalume ake a Mbewe, amene afika dzulo lake kuchokera ku Dedza ndipo nyanja amangoionera patali. Abale ena onse, mpunga ndi mbuzi zibwera m'mawa pa boti la injini. Botilo ndi la Yamikani, ndipo m'mbali mwake munalembedwa ndi penti yofiira dzina lakuti Chisomo. A Mbewe zimenezo sakuzidziwa.

Nthawi itangopitirira 6 koloko, foni ya a Mbewe ikulira. Ndi Bonifasi, mnyamata woyendetsa boti:

"Amalume, pepani, kuno zavuta. Chisomo wakana."

"Wakana?"

"Wakaniratu. Tamunyengerera kuyambira tambala woyamba."

"Chifukwa chake chiyani?"

"Usiku wonse anali ndi anyamata a kauni. Abwera naye m'mawa uno atatheratu."

A Mbewe anakhala pansi pa ndowa ya mwini nyumba.

"Komanso si koyamba, amalume. Yamikani amadziwa."

Nkhani yonse yaima pa kukambirana kumeneku, choncho ndi pamene pafunika ntchito yaikulu. Lamulo langa ndi lakuti chiganizo chilichonse cha Bonifasi chikhale choona m'makutu awiri. Kwa msodzi, zonse n'zomveka: kauni ndi usodzi wa usiku umene amakopa usipa ndi nyale, boti lagwira ntchito mpaka kucha, ndipo injini ikukana kulira ngakhale akoke chingwe kangati. Kwa munthu wa kumtunda amene wabwera kudzamanga banja, mawu omwewo akunena za mtsikana. Bonifasi sakunama, sakuseleula, ndipo a Mbewe si chitsiru. Ndikangoika chiganizo chimodzi chimene chikugwira mbali imodzi yokha, monga choti Chisomo akulira, owerenga aona dzanja langa likukankha nkhani ndipo asiya kukhulupirira.

Pano Chichewa chili ndi msampha wake umene olemba m'Chingerezi sakumana nawo motere. Chilankhulo chathu chimaulula chinthu kudzera m'agwirizanitsi. Bonifasi akanati "lakana", a Mbewe akanadziwa kuti ndi boti. Akanati "yakana", akanadziwa kuti ndi injini. Nthabwala ikufuna "wakana", choncho ndiyenera kugula ufulu wogwiritsa ntchito mawu amenewo nkhani isanafike pafoni. Pa tsamba loyamba ndimamuonetsa Bonifasi akupala ndere pansi pa boti uku akuliyankhula ngati munthu, akulitchula kuti mayi, akulikalipira kuti limamwa mafuta kwambiri. Aliyense amene anakhalako pagombe kapena pa siteji ya minibasi amadziwa kuti anthu amachitadi zimenezi ndi chinthu chimene chimawadyetsa. Owerenga akamumva akuyankhula choncho kawiri, "wakana" wa pafoni uja sakhalanso chinyengo cha wolemba. Amakhala mayankhulidwe a Bonifasi basi.

Tsamba loyamba lomwelo likugwiranso ntchito ina: likuwauza owerenga chinsinsi a Mbewe asanayambe kuvutika. Anzanga ena amakonda kubisa zonse kuti adzaulule kumapeto. Kutero kumabweretsa kuseka kumodzi, pa mzere womaliza, ndipo masamba onse a m'mbuyo owerenga amakhala akuda nkhawa limodzi ndi a Mbewe. Mukawauza msanga, amaseka pa chiganizo chilichonse, chifukwa akuona dzenje limene mkuluyo akulowera. Amene munaonerapo Izeki ndi Jakobo, malemu John Nyanga ndi malemu Eric Mabedi, mukukumbukira kuti nthawi zambiri anthu ankayamba kuseka Izeki asanayankhe n'komwe. Ankadziwa kale kuti yankho likubwera lopindika, ndipo kudikirako ndiko kunkakoma.

Funso limene limapha nkhani za kusamvana ndi lakuti: bwanji sanangofunsa? Tonse tinakula ndi mwambi wa safunsa amene anadya phula. Ngati a Mbewe angathe kuthetsa vuto ndi funso limodzi koma osafunsa popanda chifukwa, owerenga awanyoza, ndipo munthu amene ukumunyoza sumuseka nthawi yaitali. Choncho ndimalemba papepala anthu onse amene angaulule choonadi, n'kutseka khomo la aliyense ndi chifukwa chomveka.

Yamikani ndiye woopsa kwambiri, popeza boti ndi lake ndipo liwu limodzi lingamukwanire. Khomo lake ndalitseka ndi chifundo: a Mbewe akumuona mphwawo akusita malaya akuimba, ndipo akutsimikiza mumtima kuti mwanayu asamve kanthu mpaka akuluakulu atakonza. Chisomo ali kokonzedwa tsitsi, wazunguliridwa ndi aperekezi, foni yake ili m'chikwama cha azakhali ake. Makolo a Chisomo ali pafupi, koma nkhoswe ya kuchimuna singagogode pakhomo pa apongozi m'mawa wa ukwati n'kufunsa kumene mwana wawo anagona. Nkhani yotere imadzera kwa nkhoswe inzake, ndipo imanenedwa mozungulira. Apa ndi pamene ndimaona kuti ife tili ndi mwayi. Ulemu wathu, umene umatiletsa kutchula chinthu chochititsa manyazi ndi dzina lake, ndi injini yokonzeka kale ya nthabwala za kusamvana. Sindikufunika kupha netiweki kapena kumaliza batire la foni. Mwambo wokha ukutseka pakamwa pa anthu, ndipo owerenga a kuno akuvomereza chifukwa nawonso akanachita chimodzimodzi.

Tsopano nkhani iyenera kukula. Njira imene ndimayesera ndi yosavuta: pakati pa zochitika ziwiri zilizonse ndiyenera kutha kuikapo mawu akuti "chifukwa cha zimenezo". Ngati mawu okhawo amene akukwanapo ndi "kenako", ndiye kuti ndabwerera ku mndandanda wa ngozi uja. Ku Monkey Bay zinthu zokopa wolemba n'zambiri. Anyani a m'mapiri ozungulira tauni angathe kuba keke. Mwera ungathe kuwinduka, monga umachitira miyezi yozizira. Sitima ya Ilala, imene yakhala ikuyenda panyanja kuyambira 1951 ndipo kwawo ndi padoko lomweli, ingathe kuliza hutala pakati pa malumbiro. Zonsezi n'zokongola, koma palibe chimene chikuchokera kwa a Mbewe, choncho ndazisiya kunja.

Sitepe yoyamba ikubwera chifukwa a Mbewe aimbanso foni kuti amve ngati pali chiyembekezo. Bonifasi, pofuna kuwakhazika mtima pansi, akuti: "Musadandaule amalume, takupezerani wina. Tadala wa ku Zambo. Ndi wamkuluko, koma sakana. Mungowonjezera ya mafuta." Zambo ndi mudzi wina wa asodzi kufupi ndi Mvunguti, ndipo Tadala ndi boti lakale. Mawu akuti mafuta ndinawasankha dala, chifukwa m'Chichewa ndi a injini komanso ndi odzola. A Mbewe akukalipa mokweza: "Tadala ameneyo ndani? Mwana wanga akwatire Tadala lero lomwe?"

Sitepe yachiwiri ikubwera chifukwa cha kukalipako. Azakhali a Chisomo, amene abwera kudzabwereka mipando, amva chiganizo chomalizacho ali kuseri kwa mpanda. Tsopano kusamvana kwabereka mnzake. Akuchimuna akukhulupirira kuti mkwatibwi wathawa, akuchikazi akukhulupirira kuti mkwati ali ndi mkazi wina wa ku Zambo. Onani kuti sindinabweretse vuto latsopano kuchokera kunja. Ndi boti lomwe lija, koma anthu amene akuvutika nalo awirikiza.

Sitepe yachitatu ndiyo mtima wa nkhani: ankhoswe awiri akumana pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa tchalitchi, nthawi ili 8 koloko. Aliyense akudikira kuti mnzake apepese.

"Nkhani ija mwaimva, achimwene?" anatero a Jali, ankhoswe a kuchikazi.

"Taimva," anatero a Mbewe. "Ife sitikuweruza. Ana a masiku ano."

"Zoona. Koma akanatiuza kale."

"Ndi zimene ndikunena. Ndamva kuti si koyamba."

A Jali anavula chipewa. "Si koyamba?"

"Mwiniwake akuti amadziwa."

Anagwirana chanza nthawi yaitali, aliyense akudabwa kuleza mtima kwa mnzake.

Palibe amene watchula dzina, ndipo onse achoka ali otsimikiza kuposa mmene anabwerera. Kukambirana kumene kunayenera kuthetsa vuto kwalikulitsa. Mawu akuti "si koyamba" abweranso, koma tsopano akuluma mbali ina. Kubwereza kotereku kumagwira ntchito ngati mawuwo asintha tanthauzo ulendo uliwonse. Akabwera ndi tanthauzo lomwe lija amangotopetsa.

Kukula kwa nkhani kumafunanso wotchi. Abusa ali ndi ukwati wina 11 koloko, choncho wa Chisomo sungadikire mpaka kalekale. A Mbewe akupempha kwaya kuti iwonjezere nyimbo, kenaka akupemphanso. A Jali, kumbali yawo, aika anyamata awiri pakhomo kuti mayi aliyense wachilendo asalowe, ndipo anyamatawo abweza mayi busa a mpingo woyandikana nawo amene anaitanidwa. Chilichonse mwa izi ndi munthu amene akuyesa kuteteza banja lake, ndipo chilichonse chikuchititsa kuti anthu ambiri m'tchalitchi ayambe kunong'onezana. Masitepe atatu kapena anayi akukwana pa nkhani ya masamba asanu ndi limodzi. Kupitirira apo owerenga amayamba kufunsa kuti kodi tauni yonse ilibe munthu mmodzi wodziwa dzina la boti.

Za nthawi yoponyera mawu, wa zisudzo ali ndi nkhope ndi mpweya. Angathe kuima, kuyang'ana anthu, n'kudikira. Wolemba ali ndi zida zitatu zokha: dongosolo la mawu m'chiganizo, kutalika kwa chiganizo, ndi malo amene wadulira ndime. Yerekezani ziganizo ziwiri izi. Choyamba: "Tadala wa ku Zambo ndi amene takupezerani, musadandaule amalume." Chachiwiri: "Musadandaule amalume, takupezerani wina." M'choyamba chodabwitsa chabwera kumayambiriro ndipo mawu otsatira akuchikwirira. M'chachiwiri liwu loluma, "wina", lili kumapeto, ndipo pambuyo pake pali mpumiro pamene owerenga angasekere. Chichewa chimatilola kusuntha mawu momasuka, choncho palibe chifukwa chosiyira liwu lofunika pakati.

Kudikira kumalembedwa ndi kachinthu kakang'ono kooneka. Pamene Bonifasi wanena za anyamata a kauni, sindilemba kuti a Mbewe anadzidzimuka kwambiri ndipo mtima wawo unasweka. Ndilemba kuti anakhala pa ndowa. Chiganizo chachifupicho chimapatsa owerenga kamphindi kopumira, ndipo "si koyamba" akubwera iwo akuganiza kuti nkhonya zatha. A Jali kuvula chipewa ndi ntchito yomweyo. Chizindikiro chakuti nthawi yalakwika n'chosavuta kuchiona powerenga mokweza: ngati anzanu aseka inu musanamalize chiganizo, ndiye kuti mawu otsalawo ndi ofunika kudula. Ngati mwafika pa mpumiro iwo ali chete n'kudzaseka mochedwa, ndiye kuti pali chimene simunawakonzeretu m'masamba a m'mbuyo.

Pachimake ndinasonkhanitsa zonse m'chipinda chimodzi. Chisomo akulowa m'tchalitchi atavala velo, wosadziwa kanthu. A Mbewe akugwetsa misozi ndipo akumunong'oneza podutsa kuti, "Mwachita bwino kusintha maganizo, mayi." Abusa akufunsa ngati pali wina amene ali ndi chifukwa choletsa ukwatiwu. Ndimasiya mzere umodzi wa chete. Kenaka mwana wa ku Mvunguti akulowa akuthamanga, mapazi ali mchenga wokhawokha:

"Tadala wafika! Wabwera ndi ana onse!"

Tchalitchi chonse chinatembenukira kukhomo.

"Nanga Chisomo?" anafunsa Yamikani.

"Tamusiya pamchenga, tamufunditsa lona."

Anthu anatembenukanso, kuyang'ana mkwatibwi.

Yamikani akufunsa funso limenelo mosalakwa, monga mwini boti, mkazi wake ali pambali pake. Ndi nthawi yoyamba m'nkhani yonse kuti Chisomo awiriwo akhale m'chiganizo chimodzi pamaso pa anthu onse, ndipo ndi chifukwa chake ndinasunga mphindi imeneyi mpaka kumapeto. Ikanabwera pa tsamba lachitatu, nkhani ikanathera pomwepo.

Pali chinthu china chimene sindingachilambalale. Nthabwala iyi ikuseweretsa mbiri ya mtsikana. M'tauni yaing'ono ngati yathu, mphekesera yakuti mkwatibwi anagona kunja ndi asodzi ingathe kumutsata munthu moyo wake wonse. Shakespeare anagwiritsa ntchito chinthu chofanana mu sewero lake la Much Ado About Nothing, pamene Claudio akumunyazitsa Hero paguwa chifukwa cha zimene akuganiza kuti anaona usiku, ndipo pa malo amenewo sewerolo limasiya kuseketsa. Ine ndinasankha kuti mphekeserayo isafike m'makutu a Chisomo ngati mlandu, ndipo pasakhale munthu womunyoza pagulu. Owerenga akudziwa kuyambira pachiyambi kuti iye ndi wosalakwa, choncho amene akusekedwa ndi akuluakulu awiri amene akhulupirira msanga zoipa za ana awo, n'kumayamikirana ulemu. Chimodzimodzi ndi Bonifasi. N'kosavuta kwa ife a ku yunivesite kulemba msodzi ngati mbuli yoyankhula mopotoka, ndipo nthabwala zambiri za anthu a ku Mangochi zimayenda njira imeneyo. M'nkhani yanga Bonifasi ndi yekhayo amene wagwira ntchito yake bwino tsiku lonse: boti lakana, wapeza lina, wafikitsa anthu ndi mbuzi yomwe. Amene sakumva chilankhulo cha malo ndi mlendo wovala jekete.

Chifukwa cha zimenezo mawu omaliza ndinampatsa Chisomo. Iye anakulira pagombe, ndipo amadziwa kuti Yamikani anapatsa boti dzina lake zaka ziwiri zapitazo, asanalimbe mtima kumufunsira. Akuyang'ana a Mbewe, akuyang'ana a Jali, akumvetsa zonse anthu ena asanamvetse. Akukweza velo pang'ono, n'kutembenukira kwa Yamikani: "Ndinakuuzani kuti musinthe mapulagi." Nkhani ikuthera pomwepo. Sindilemba kuti anthu anaseka mpaka kugwa pansi, kapena kuti a Mbewe anaphunzirapo kufunika kofunsa. Perekaniperekani, keke ndi zovina owerenga angathe kudzionera okha m'maganizo.

Ngati muli ndi nkhani ya ukwati imene yakanirira m'kope, yesani kuchotsa matsoka onse n'kusiya limodzi. Pezani liwu la kwanuko limene lili ndi matanthauzo awiri, kaya ndi la kumsika, kugalaja kapena kudimba, ndipo mulipereke kwa munthu waulemu amene sangathe kufunsa molunjika. Lembani mayina a onse amene angamuuze zoona ndi chifukwa chimene aliyense sanganenere. Mukatero muwerengere anzanu atatu mokweza, pensulo ili m'manja, n'kumachonga pamene aseka ndi pamene ayang'ana pafoni.